Amayi ku Katete akuti anatumiza chithunzi, kuno sichinafike

Amake Dalitso, Chawama:
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa mafoni. Amayi anga ali kumudzi ku Katete ndipo ali ndi kafoni ka Android ka 16 GB. Kuyimba ndi kutumiza mawu pa WhatsApp amatha bwinobwino, koma zithunzi ndiye zikutivuta. Lolemba anajambula pepala la kuchipatala lolembapo mankhwala kuti ndiwagulire kuno ndiwatumizire pa basi. Iwo akuti anatumiza, koma kuno sikunafike kanthu. Lachitatu mdzukulu wawo atayang'ana anapeza chithunzicho chilipo pamacheza athu, koma pakati pake pali kamuvi koloza kumwamba. Atakadina, foni inalemba kuti "Sorry, this media file doesn't exist on your internal storage". Mu Gallery namonso mulibe. Pepalalo akadali nalo, ndiye tijambulanso, koma aka si koyamba. Akubwera kuno Loweruka kudzakhala masiku anayi. Ndiwaphunzitse chiyani kuti zimenezi zithe?

Mabvuto, Kanyama:
Asisi, imeneyo ndi netiweki ya kumudzi basi. Auzeni azidikira mpaka matiki awiri aja akhale a buluu. Akakhala a buluu ndiye kuti chafika ndipo WhatsApp yachisunga, sichingasowenso ngakhale foni itagwera m'chitsime.

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
A Mabvuto, pa netiweki mwanena zoona, koma pa kusunga ayi. WhatsApp si nkhokwe. Imagwirizira uthenga kufikira utafika kwa mwini wake, ndipo ngati sunafike imausunga masiku 30 okha kenako imautaya. Chithunzi chikafika chimakhala m'foni ya wotumiza ndi ya wolandira. Mafoni awiriwo akawonongeka popanda kwina kumene munachikopera, chapita.

Zizindikiro zija zikuyenda motere. Kawotchi kakang'ono pakona ya chithunzi kakutanthauza kuti chikadali m'foni mwa amayi, sichinanyamuke n'komwe. Tiki imodzi ndiye kuti chatuluka, chili kwa WhatsApp. Matiki awiri, chafika pafoni yanu. Buluu amangonena kuti mwatsegula macheza, ndipo anthu ena anazimitsa zimenezo, moti amayi akhoza kudikira buluu mpaka dzuwa kulowa.

Amake Dalitso, ndiyankheni zitatu izi. Kodi amayi amazimitsa data akangomaliza kutumiza? Anajambula ndi kamera ya foni kapena ndi kakamera kamene kali mkati mwa WhatsApp? Ndipo pa Settings, pa Storage, patsala malo ochuluka bwanji?

Amake Dalitso, Chawama:
Ndamufunsa mdzukulu uja. Data amazimitsadi nthawi yomweyo, akuti kuti bandulo isathe. Anajambulira mkati mwa WhatsApp, poti ndi mmene ndinawasonyezera ndekha. Malo atsala 310 MB. Akutinso pasikirini pali katsache kamene amayi amadina tsiku lililonse foni ikawauza kuti yadzaza.

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Basi, nkhani yonse yaoneka. Ndifotokoze mmene zinayendera, chifukwa mukamvetsa izi mudziwa choti muwaphunzitse.

Amayi atadina kamuvi kobiriwira, chithunzi chinaonekera pamacheza nthawi yomweyo. Kwa iwo ntchito inatha pamenepo, ndipo sitingawadzudzule, chifukwa maso awo anaona chithunzi chili pansi pa dzina lanu. Koma pakati pa chithunzicho panali kabwalo kozungulira, kosonyeza kuti chikadakwera. Iwo anazimitsa data kabwaloko kasanathe, ndiye kukwerako kunaduka, n'kutsala kamuvi koloza kumwamba kaja. Mpaka pamenepa palibe chimene chinatayika. Akanayatsa data n'kudina kamuviko, chikanapita.

Chimene chinachipha ndi katsache. Chithunzi chojambulidwa mkati mwa WhatsApp chimakhala m'mafoda a WhatsApp, sichilowa mu foda ya Camera. Mapulogalamu osesa aja ambiri ali ndi gawo lochotsa mafayilo a WhatsApp, makamaka a mu foda yotchedwa Sent, poti amawaona ngati zinyalala zimene munthu anatumiza kale. Katsache sikadziwa kuti chithunzi ichi sichinanyamuke. Kanasesa, ndipo pamacheza panangotsala chithunzithunzi chosaoneka bwino chopanda fayilo kumbuyo kwake. Ndicho chifukwa cha uthenga wachingerezi uja.

Choncho lamulo loyamba, azijambula ndi kamera ya foni, kenako n'kutumiza. Akatero zithunzi zimakhala ziwiri, chenicheni mu Camera ndi chimene WhatsApp yakopera. Kutumiza kukalephereka, chenicheni chilipobe ndipo angatumizenso mawa. Lachiwiri, asazimitse data asanaone tiki. China choti muwachenjeze: pakati pa kabwalo kozungulira kaja pamakhala X. Akuluakulu ambiri amadina pamenepo poganiza kuti akutseka chithunzi, osadziwa kuti akuimitsa kutumiza.

Nabanda, Chilenje:
Zimene anena a Tembo n'zoona, koma musakawauze amayi zonsezo. Za mafoda ndi za Sent ndi zanu inu mwana. Muzigawe pawiri: zimene mukonze nokha kamodzi foni ili m'manja mwanu, ndi zimene iwo azichita ndi chala chawo. Zachiwirizi zikapitirira zisanu, pofika pa Luangwa pobwerera adzakhala atasokoneza.

Chinthu chimene chimachepetsa ntchito kwambiri ndi kuika macheza anu pasikirini yoyamba. Tsegulani macheza a inu ndi iwo pafoni yawo, dinani timadontho titatu kumwamba kudzanja lamanja, kenako More, kenako Add shortcut. Pasikirini padzabwera nkhope yanu ngati kabatani. Ikokereni pafupi ndi Camera, ndipo zina zonse zosafunika muzisunthire kutsamba lachiwiri. Tsopano njira yawo ndi yaifupi. Adina Camera n'kujambula. Abwerera, adina nkhope yanu. Adina kawaya kopanira mapepala kamene kali pambali pa polembera, asankha Gallery, ndipo chithunzi choyamba pamwamba ndi chimene angojambula kumene. Achidina, adina kamuvi kobiriwira, kenako aika foni pansi n'kudikira tiki.

Mawu akuti "kuika foni pansi" ndawanena dala. Foni ikakhala m'manja, chala chimafuna chodina. Auzeni kuti akadina kamuvi, aiike pampando, akachite kanthu kena pang'ono, abwere adzaone ngati kawotchi kasanduka tiki ngati ija amachonga aphunzitsi m'kope.

Mabvuto, Kanyama:
Bwanji osangotsegula Gallery n'kudina Share? Ndi yachidule kuposa imeneyo.

Nabanda, Chilenje:
Yachidule inde, achimwene, koma ili ndi dzenje. Mukadina Share n'kusankha WhatsApp, pamwamba penipeni pa mayina pamabwera My status. Chala chikaphonya pang'ono, pepala la kuchipatala kapena chitupa cha NRC chapita pa Status, pamene onse a mumpingo ndi a m'mudzi amene ali ndi nambala yawo achiona, ndipo pakatha maola 24 chizimiririka. Mwana amene amachiyembekezera salandira kanthu pamacheza. Akayambira pankhope ya mwana wawo, palibe dzina loti asankhe, ndiye palibenso pophonyera.

Tisa, Mtendere:
Ine ndikuona kuti kudikira tiki imodzi sikokwanira. Aphunzitseni awiri, kuti mtima wawo ukhale pansi kuti chafikadi.

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Tisa, tiki yachiwiri sili m'manja mwa amayi. Imadalira foni ya wolandira. Ngati kuno ku Chawama magetsi azima ndipo foni ya amake Dalitso yatha moto, amayi adzakhala ndi tiki imodzi tsiku lonse, data ili chiyakire, mwinanso n'kutumiza chithunzi chomwecho kasanu. Tiki imodzi ikaoneka angathe kuzimitsa data, chithunzi chidzafika chokha foni ya kuno ikayaka. Ndipo ngati akutumiza pagulu la banja, matiki awiri saoneka mpaka aliyense wa pagulupo atalandira. Pakhale m'modzi amene foni yake ili kwa okonza, tiki ikhala imodzi mpaka kalekale.

Tisa, Mtendere:
Za pagulu sindimadziwa, zikomo. Komabe munthu wamkulu amafuna yankho la munthu, osati la kachizindikiro. Wolandira aziyankha ndi mawu kuti "amayi, ndachiona, chikuwerengeka". Popanda yankho limenelo, pepala lenileni asalitaye kapena kulipereka kwa wina.

Nabanda, Chilenje:
Pamenepo tagwirizana. Iwonso akatumiza chithunzi azitsatiza ndi mawu, poti kutumiza mawu amadziwa kale: "ili ndi pepala la mankhwala la mwezi uno". Mawu amakhala opepuka, kawirikawiri amadutsa ngakhale pamene chithunzi chakakamira. Mukalandira mawu opanda chithunzi, mudziwa tsiku lomwelo kuti chatsalira, osati Lachitatu.

A Zulu, Matero:
Ana anga, nkhani iyi yandikhudza. Ndili ndi zithunzi zakale za papepala, za ukwati ndi za makolo, zina zayamba kudyedwa ndi chinyezi. Ndiye mukuti ndipite nazo kuti kuti azilowetse m'foni zisatayike?

Nabanda, Chilenje:
Atate, pano tikukamba za zithunzi zojambula ndi foni, koma funso lanu silinapite patali, chifukwa kajambulidwe ka chithunzi chakale ndi ka pepala la kuchipatala n'kamodzi. Amake Dalitso, izinso muwaphunzitse amayi, poti chithunzi chofika koma chosawerengeka n'chimodzimodzi chosafika.

Choyamba apukute diso la kamera ndi nsonga ya chitenje. Foni ya kumudzi imakhala m'thumba limodzi ndi ndalama, imagwiridwa ndi manja a mafuta, ndipo theka la zithunzi za chifunga zimachokera pamenepo. Pepala aliyale patebulo kapena pampando, pakhonde pamthunzi, masana. Padzuwa lenileni pepala loyera limathobwa kamera, m'nyumba mwamdima kamera imachedwa kutsekeka ndipo dzanja likanjenjemera zilembo zimapakana. Kuwala kwa kamera kuja kuzimitsidwe, makamaka pa chitupa chokutidwa ndi pulasitiki kapena chithunzi chonyezimira, chifukwa kumasiya banga loyera pakati penipeni. Foni ikhale pamwamba pa pepala molunjika, kutalika ngati rula ya ana a sukulu, masentimita 30, ngodya zonse zinayi za pepala zikuoneka. Adine kamodzi pa zilembo kuti kamera iziwone bwino, adikire pang'ono, kenako ajambule. Ngati manja amanjenjemera, atsamiritse zigongono patebulo. Tsamba limodzi, chithunzi chimodzi. Asayale mapepala atatu pamodzi pofuna kusunga bandulo.

A Zulu, Matero:
Zikomo mayi, ndamva, ndiyesa mawa pakhonde. Koma pali chinanso. Mkulu wanga ku Lundazi amanditumizira zithunzi, ndimaziona bwinobwino, koma pakapita sabata ndikafuna kuonetsa ana, palibe. Ine sindifufuta kanthu.

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Atate, tsegulani macheza anu ndi akulu anuwo muone pa chithunzi cha nkhope yawo ngati pali kawotchi kakang'ono. Ngati kalipo, wina mwa inu awiri anayatsa Disappearing messages. Imeneyi imafufuta yokha mauthenga pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, malinga ndi zimene zinasankhidwa, ndipo sabata imene mukunenayo ikufanana ndi masiku 7. Choipa china n'chakuti ikayaka, zithunzi za m'macheza amenewo sizilowa zokha mu Gallery. Kuti muizimitse, dinani dzina lawo pamwamba, pezani Disappearing messages, sankhani Off. Muonenso pa Settings, Privacy, Default message timer, pakhalenso Off pamafoni onse awiri, apo ayi macheza atsopano aziyamba ali choncho. Zimene zinafufutika kale sizibwerera pochita izi, koma ngati akulu anu anajambula ndi kamera ya foni, zikadali kwa iwo ndipo angatumizenso.

Pali m'bale wake wa vuto limeneli amene amake Dalitso ayenera kumudziwa. Munthu akasankha chithunzi, pamalo olembera mawu, pafupi kwambiri ndi kamuvi kobiriwira, pali nambala 1 m'kabwalo. Ikadinidwa, chithunzi chimapita ngati View once. Wolandira amachiona kamodzi, akatseka chapita, ndipo sangachisunge kapena kuchitumiza kwina. Akapanda kuchitsegula masiku 14 chimafa chokha. Kabatani kameneka sikachotseka, ndiye amayi angouzidwa kuti nambala 1 ija si yawo. Inu wolandira mudzachidziwa chifukwa m'malo mwa chithunzi mudzaona mawu akuti Photo ndi 1 pambali. Musatsegule muli pamsewu. Khalani pansi ndi cholembera, kapena apempheni atumizenso.

Mabvuto, Kanyama:
Ine ndimati mapepala onse azitumizidwa ngati Document. WhatsApp imafinya zithunzi mpaka zilembo zing'onozing'ono kusawerengeka. Document imapita yonse mmene ilili.

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Zoona kuti Document safinya. Koma tiwerengere limodzi. Chithunzi cha kamera ya mafoni ang'onoang'onowa chimakhala cha 3 MB kapena 4 MB. WhatsApp ikachifinya mwa nthawi zonse chimatsika kufika cha m'ma 200 KB. Tsopano tinene kuti pamwamba pa foni ya amayi palembedwa E, osati 4G kapena H+, ndipo tiyerekeze kuti ikukweza makilobiti 100 pa sekondi. Cha 200 KB ndi makilobiti 1,600, ndiye chimatenga masekondi 16. Cha 4 MB ndi makilobiti 32,000, masekondi 320, kupitirira mphindi zisanu, ndipo netiweki isagwedezeke nthawi yonseyo. Kwa munthu amene vuto lake ndi kuduka kwa kutumiza, mwamuwonjezera mwayi woduka kamakumi awiri. 

Pepala limodzi lojambulidwa pafupi, pamthunzi, lodzaza sikirini yonse, limawerengeka ngakhale litafinyidwa. Ngati zilembo zili zazing'ono kwambiri, ajambule kawiri, theka la kumwamba ndi theka la kumunsi.

Mabvuto, Kanyama:
Nanga HD? Kuyambira 2023 pali kabatani ka HD pamwamba posankha chithunzi. Sikalemera ngati Document.

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Imeneyo ndi yapakati, ndipo mungaiike kuti izichitika yokha pa Settings, Storage and data, Media upload quality, kuti amayi asakhale ndi batani lina loloweza. Ngati pakhomo pawo pamagwira 4G, ikani HD. Ngati amachita kukwera pachulu kuti apeze netiweki, ine ndingasiye Standard.

Mabvuto, Kanyama:
Ine chitupa ndi mapepala a malo sindingalole kuti apite ofinyidwa. Amenewo mdzukulu awathandize kutumiza ngati Document akapita pa boma pamene netiweki ili bwino.

Nabanda, Chilenje:
Pa mapepala a malo ndikuvomerezani. Koma imeneyo ikhale ntchito ya mdzukulu, isalowe m'maphunziro a amayi.

Tisa, Mtendere:
Tatha nthawi yambiri pa wotumiza, koma zithunzi zambiri zimatayikira kwa ife olandira. Chithunzi chikafika chosaoneka bwino, pakati pali kamuvi koloza pansi ndi nambala ngati 180 kB, sikuti amayi ajambula moipa. Sichinatsitsidwe. Ambiri tinazimitsa Media auto-download posunga bandulo, ndiye timati tidzatsitsa madzulo, n'kuiwala. Ikapita nthawi yaitali mukadina, foni imakuuzani kuti mupemphe wotumiza atumizenso, ndipo ngati katsache kadutsa kale kumudzi, palibe wotumizanso. Tsitsani tsiku lomwelo. Kenako chotsani chithunzicho mu WhatsApp mokha, muchikopere kwina: ku Google Drive, ku imelo yanu, kapena pa kompyuta. Mayina amene WhatsApp imapereka ndi otere:

```
IMG-20250310-WA0004.jpg
```

Deti lilipo, koma palibe chonena kuti ndi pepala lanji. Posunga lisintheni likhale ngati amayi-mankhwala-2025-03, kuti chaka chamawa mudzalipeze.

Komanso pafoni ya amayi yatsani Chat backup ndi Google Photos, nkhani yatha.

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Siinathe msanga choncho, Tisa. Chat backup ili pa Settings, Chats, Chat backup, ndipo imafuna akaunti ya Google. Funso loyamba ndi lakuti akaunti imene ili pafoni ya amayi ndi ya yani. Mafoni ambiri a makolo amatsegulidwa ndi wogulitsa kapena mnyamata wina wa pamsika, amene amapanga akaunti mothamanga ndipo pasiwedi palibe amene anailemba. Foni ikafa kapena ikafulashidwa, zosungidwazo zimabwerera pokhapokha muli ndi nambala yomweyo ya foni ndi akaunti yomweyo ya Google. Chimodzi chikasowa, simuzipezanso. Choncho amake Dalitso, Loweruka muyambe mwayesa kulowa mu akauntiyo pafoni yanu. Ikakana, pangani yatsopano, muike nambala yanu ngati yobwezeretsera, pasiwedi muilembe m'kope limene limakhala kwa inu.

Chachiwiri, kumudzi kulibe Wi-Fi, ndipo Chat backup imadikira Wi-Fi pokhapokha mutayatsa Back up using cellular. Imayesanso kusunga usiku cha m'ma 2 koloko, nthawi imene data ya amayi ili yozimitsa. Ndiye mukhoza kuyatsa zonse bwinobwino, chaka n'kutha osasunga kanthu. Poonera ndi pomwepo pa Chat backup, pamalembedwa deti limene inasunga komaliza. Dziwaninso kuti kuyambira 2024 zosunga za WhatsApp zimadya pa 15 GB yaulere ya Google, imene imagawidwa ndi Gmail ndi Google Photos. Include videos ikhale yozimitsa, apo ayi mavidiyo a kwaya ndi a maukwati a pamagulu adzaza malowo.

Tisa, Mtendere:
Ndiye muyatse kuti izisunga ndi data, muike Weekly. Zithunzi zokha sizidya zambiri.

Amake Dalitso, Chawama:
Apa ndiye pandivuta. Bandulo imene ndimawagulira ndi ija ya WhatsApp ndi Facebook yokha. Kodi imeneyo ingasungire ku Google?

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Musaidalire, chifukwa zosungazo zimapita ku makina a Google, osati a WhatsApp. Pafunika bandulo wamba yotsegula intaneti yonse. Ine ndingachite motere: kusunga koyamba, kumene kumakhala kolemera, kuchitikire kuno ku Lusaka pa Wi-Fi kapena pa Hotspot ya foni yanu. Pambuyo pake mdzukulu azidina Back up ndi dzanja kamodzi pamwezi, tsiku limene mwawatumizira bandulo wamba. Google Photos pa data ya kumudzi sindiikhulupirira, imangokhala ikudikira. Ili ndi msampha wakenso: imasunga foda ya Camera yokha, pokhapokha mutalowa pa Back up device folders n'kuyatsa WhatsApp Images.

Tisa, Mtendere:
Ine ndikuonabe kuti kudalira munthu kuti azikumbukira mwezi ndi mwezi n'koopsa kuposa kuisiya izichita yokha. Mdzukulu akapita kusukulu yogonera komweko, adzadina ndani?

Nabanda, Chilenje:
Funso limenelo lilibe yankho limodzi, zitengera banja. Chimene ndingawonjezere n'chakuti chithunzi chofunika chizifika kwa anthu awiri. Pangani kagulu ka anthu atatu okha, amayi, inu ndi m'bale wanu m'modzi, mukatche ZITHUNZI ZA AMAYI, ndipo nkhope ya pasikirini ija ikhale ya kaguluko. Musamacheze pamenepo. Foni ya m'modzi ikabedwa mu minibasi, winayo ali nazo.

Za masiku anayi aja, musawaphunzitse zonse Loweruka atangotsika basi pa Intercity. Tsiku limenelo konzani foni nokha. Lamlungu muwasonyeze kamodzi pafoni yanu, kenako foni yawo ikhale m'manja mwawo ndipo inu musaigwirenso, ngakhale achedwe bwanji. Mukailanda kuti "bweretsani ndikuonetseni", chala chimene chaphunzira ndi chanu. Atumize zithunzi zisanu za zinthu za m'nyumba, mphika, khomo, mdzukulu. Lolemba muwapangire vuto dala: zimitsani data iwo osaona, atumize, aone kawotchi, apeze okha chochita. Akakaona kawotchi ali pamaso panu, sadzachita nako mantha ali okha. Lachiwiri atumize muli kuntchito, popanda wowayang'anira. M'kope mwawo musalembe mawu achingerezi a pasikirini. Jambulani ndi cholembera kamera, nkhope, kawaya, kamuvi ndi tiki, motsatana, ndipo pansi pa chilichonse alembe okha m'mawu awo.

Muonenso mmene amadinira. Akuluakulu ambiri amakanikiza n'kukhalitsa chala, ndiye foni imayesa kuti akufuna kusankha uthenga, n'kutulutsa kabini kofufutira pamwamba. Pa Settings ya foni, pa Accessibility, pali Touch & hold delay. Ikani Long, kuti kudina kwawo kochedwa kuziwerengedwa ngati kudina wamba.

Amake Dalitso, Chawama:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba. Chatsala ndi malo aja a 310 MB. Ndikachotsa katsache, foni idzadzaza ndipo idzakana kulandira chilichonse. Ndigule memori khadi?

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Muyambe mwaona chimene chadya malo. Mu WhatsApp pitani pa Settings, Storage and data, Manage storage. Mudzaona gawo la Larger than 5 MB ndi la Forwarded many times, ndipo pansi pake magulu atandalikidwa kuyambira lolemera kwambiri. Pamafoni a makolo kawirikawiri ndi mavidiyo a pamagulu a mpingo ndi a banja. Fufutani amenewo muli nawo limodzi, akuona, kuti musachotse kanthu kamene amakakonda. Kenako pa Media auto-download, pa When using mobile data, siyani Photos yokha, Videos ichotsedwe. Mukatero bandulo yawonso idzayamba kukhalitsa, ndipo mantha amene amawazimitsitsa data msanga adzachepa. Yesetsani kuti patsale malo osachepera 2 GB. Katsache kakakana kuchotsedwa poti kanabwera ndi foni, kachotseni pasikirini yoyamba ndipo muzimitse Notifications zake kuti kasamawaitane.

Memori khadi imathandiza pa zithunzi za kamera, mukasintha Storage mu Camera kuti izisunga pa SD card. Koma mafayilo a WhatsApp amakhalabe mkati mwa foni. Chenjerani ndi makhadi otchipa a pamsewu olembedwa 64 GB pamene mkati ndi ochepa kwambiri. Amalandira zithunzi poyamba, akadzaza malo ake enieni zithunzi zimayamba kutuluka zotuwa kapena zoduka theka. Poiika, foni ikafunsa, sankhani Portable storage. Mukasankha kuti ikhale ngati ya mkati, khadiyo imamangidwa ku foni imeneyo ndipo foni ikafa simungaiwerenge pa ina.

Mabvuto, Kanyama:
Ine khadi ndimaikonda kuposa Google, chifukwa ili m'manja mwako ndipo sifuna bandulo.

Tisa, Mtendere:
Foni ikabedwa imapita ndi khadi yomwe, achimwene.

Amake Dalitso, Chawama:
Amayi afika bwino ndipo foni ili m'manja mwanga. Pa Manage storage ndapeza 5.8 GB, zambiri ndi mavidiyo a gulu la amayi a mpingo. Tachotsa limodzi, tsopano patsala 4.9 GB. Pepala la mankhwala alijambula okha pakhonde ndipo lafika kwa ine ndi kwa mlongo wanga. Koma akaunti ya Google ili ndi dzina limene tonse sitikulidziwa, ndipo pa Chat backup palembedwa Never. A Tembo, ndikaichotsa akauntiyi, manambala a anthu awo sapita nayo?

A Tembo okonza mafoni, m'tauni:
Akhoza kupita, ngati anasungidwa mu akauntiyo. Musaichotse kaye. Onjezani yatsopano pambali pake, kenako mu Contacts pezani Export, musunge fayilo ya .vcf m'foni ndipo muitumizenso kwa inu. Mukatero chitani Import n'kusankha akaunti yatsopanoyo, muwerenge ngati manambala akwana. Ndiuzeninso ngati foni ikufunsa pasiwedi ya akaunti yakaleyo pamene mukuichotsa kapena ikungofunsa PIN ya pasikirini. Ndipo musayerekeze kuchita Factory reset akaunti yakaleyo ikadali momwemo, chifukwa ikadzayaka ikhoza kudzafuna pasiwedi imene mulibe.